Lendi ya Zaka Zitatu: Mfundo Zofunika Musanalandire Makiyi

Munthu akapeza nyumba ya lendi, abale ndi anzake amamufunsa funso limodzi lokha: "Ndi zingati pamwezi?" Akayankha kuti K200,000, onse amagwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma K200,000 imeneyo ndi mtengo wa chaka choyamba chokha, ndipo ngakhale m'chaka chimenecho si ndalama yokhayo imene idzatuluke m'thumba. Ambiri amene amasamuka usiku atalephera lendi, kapena kudana ndi eni nyumba mpaka osapatsana moni, si anthu achinyengo. Analowa m'nyumba atawerengera mwezi umodzi, pamene nyumbayo anali kudzakhalamo zaka.

M'mfundo zili m'munsizi titsatira banja limodzi longoyerekeza. Bambo ndi mayi, ndi ana awo awiri, apeza nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo akufuna kukhalamo zaka zitatu mpaka mwana wamkulu atalemba mayeso a Sitandade 8 pasukulu yapafupi. Alandilodi anena kuti lendi ndi K200,000 pamwezi, idzikwera ndi 15 peresenti chaka chilichonse, dipoziti ndi ya miyezi iwiri, ndipo polowa alipiriretu miyezi itatu. Manambalawa ndi achitsanzo chabe. Inu muikepo anu, njira yowerengera ndi yomweyi.

1. Kuwerengera zaka zonse musanalowe ndi mbali ya kukhulupirika

Amene wavomera lendi walonjeza. Walonjeza eni nyumba kuti ndalama idzafika mwezi uliwonse, walonjezanso banja lake kuti ana sadzachotsedwa pasukulu pakati pa teremu chifukwa chosamuka. Lonjezo limene munthu sanaliwerengere amalipereka asakudziwa kukula kwake. Choncho ntchito yoyamba ndi kutenga kope ndi cholembera, n'kulemba chaka ndi chaka.

Masamu amene ambiri timachita m'mutu ndi awa: K200,000 kuchulukitsa ndi miyezi 36, zikukwana K7,200,000. Masamuwa ndi olondola, koma ndi a nyumba imene lendi yake sikwera, ndipo nyumba yotero ndi yosowa masiku ano.

Banja lathu liwerengere motere. Chaka choyamba lendi ndi K200,000 pamwezi, pa miyezi 12 ndi K2,400,000. Chaka chachiwiri ikwera ndi 15 peresenti, ndiye kuti K15 pa K100 iliyonse. Pa K200,000 imeneyo ndi K30,000, lendi yatsopano n'kukhala K230,000, pachaka K2,760,000. Chaka chachitatu ikweranso ndi 15 peresenti, koma tsopano ya K230,000, yomwe ndi K34,500. Lendi ifika pa K264,500, pachaka K3,174,000. Tikawonkhetsa zaka zitatuzi tipeza K8,334,000.

Kusiyana kwa nambala imeneyi ndi ya m'mutu ija ndi K1,134,000. Imeneyi ndi lendi ya miyezi isanu ndi theka kuposerapo, pa mtengo wolowera uja. Palibe amene wabera banjali ndalamayi. Inanenedwa poyera tsiku loyamba, m'mawu atatu okha akuti "15 peresenti pachaka". Kungoti khutu linamva K200,000 bwinobwino, peresenti n'kuidutsa.

2. Funsani kuti peresentiyo ikuchokera pa lendi iti

Anthu awiri angathe kugwirizana pa 15 peresenti, aliyense akuganiza zosiyana ndi mnzake. Wochita lendi amaganiza kuti chaka chilichonse aziwonjezera K30,000 yomweyo, chifukwa ndiyo 15 peresenti ya lendi imene analowera. Akatero lendi yake ikhala K200,000, kenako K230,000, kenako K260,000, zonse pamodzi K8,280,000. Eni nyumba ambiri sawerengera choncho. Iwo amaika peresenti pa lendi imene ilipo panthawiyo, monga tachitira pamwambapa, kotero kuti zowonjezera za chaka chatha nazo zimabala.

Pa zaka zitatu kusiyana kwake ndi K4,500 pamwezi m'chaka chomaliza, pachaka K54,000. Si ndalama yogwetsa banja, koma ndi yokwanira kuyambitsa mkangano pakhomo, wina akuti mwandibera, wina akuti simukumalizitsa lendi. Ndipo zaka zikamachuluka mpatawo umakulirakulira. Funso laulemu limathetsa zonse: "Bambo, kuti ndimvetse bwino, chaka chachitatu ndizidzapereka zingati ndendende?" Yankho lilembedwe m'pangano ngati ndalama, osati ngati peresenti yokha.

Pali njira yachidule kwa amene akufuna kuyerekeza msanga. Ngati lendi imakwera pa lendi ya chaka chapitacho, tengani lendi ya chaka choyamba chonse muichulukitse ndi 3.31 ikakhala 10 peresenti, ndi 3.4725 ikakhala 15 peresenti, ndi 3.64 ikakhala 20 peresenti. Pa K2,400,000 ya banja lathu, 10 peresenti ikupereka K7,944,000 pamene 20 peresenti ikupereka K8,736,000. Pakati pa ziwirizi pali K792,000. Apa tikuona kuti pokambirana mtengo, kutsitsa peresenti kumapindula kuposa kutsitsa lendi pang'ono. Amene wanenerera kuti lendi itsike ndi K10,000 koma peresenti waisiya pa 15, wapulumutsa pafupifupi K417,000 pa zaka zitatu. Amene wasiya lendi pa K200,000 koma watsitsa peresenti kuchoka pa 20 kufika pa 10, wapulumutsa pafupifupi kawiri kake. Komabe pafupifupi tonse timanenerera lendi, chifukwa ndiyo tikuiona lero.

3. Tsiku limene lendi imakwera ndi lofunika ngati kuchuluka kwa kukwerako

Mfundo iyi ndiyo imapweteka anthu ambiri osazindikira, ndiye tiimepo pang'ono.

Munthu akakhala m'nyumba zaka zitatu ndendende, ndipo lendi imakwera akakwanitsa chaka kuchokera tsiku limene analowa, amakumana ndi kukwera kuwiri kokha: pamwezi wa 13 ndi pamwezi wa 25. Kukwera kwachitatu kumabwera pamwezi wa 37, iye atatuluka kale. Ndi mmene tapezera K8,334,000 ija.

Koma eni nyumba ena, makamaka amene ali ndi nyumba zingapo pampanda umodzi, amakweza lendi kwa onse nthawi imodzi, kawirikawiri mu Januwale. Kwa iwo n'zosavuta, kalata imodzi kwa onse. Tsono tiyerekeze kuti banja lathu lalowa pa 1 Seputembala. Lilipira K200,000 kwa miyezi inayi yokha, Seputembala mpaka Disembala, zomwe ndi K800,000. Januwale woyamba lendi ifika pa K230,000, ndipo chaka chonsecho ndi K2,760,000. Januwale wachiwiri ifika pa K264,500, chaka chonse K3,174,000. Januwale wachitatu iwapezanso akadali m'nyumbamo, lendi n'kufika pa K304,175, imene adzalipire miyezi isanu ndi itatu mpaka Ogasiti, zomwe ndi K2,433,400. Zonse pamodzi ndi K9,167,400.

Nyumba ndi yomweyo, lendi yolowera ndi yomweyo, peresenti ndi yomweyo, miyezi ndi 36 yomweyo. Koma banjali lapereka K833,400 yowonjezera chifukwa cha mawu awiri akuti "mu Januwale". Ine ndimaona kuti si chilungamo kukwezera lendi munthu amene wangokhala miyezi inayi, chifukwa mtengo umene analowera unali kale mtengo wa msika wa chaka chimenecho. Wochita lendi sakulakwa kupempha kuti Januwale woyambayo amudumphe, kapena kuti kukwera kwake kuziyendera tsiku limene iye analowa. Eni nyumba achilungamo amamva zimenezi akauzidwa asanasainirane. Akauzidwa kalata yokweza lendi itatuluka kale, amaona ngati munthu akungofuna kuzemba.

Chenjeraninso ndi pangano limene likungoti lendi "idzawunikidwanso" popanda kunena liti ndiponso ndi zingati. Pangano lotero silingawerengeredwe. Ngati eni nyumba akukana kutchula nambala, funsani anthu amene akukhala kale pampandapo kuti zaka ziwiri zapitazi anakwezeredwa kangati ndiponso ndi zingati, n'kuwerengera ndi zimenezo.

4. Ndalama yolowera ndi mtengo wa nyumba ndi zinthu ziwiri

Tsiku lolandira makiyi banja lathu lifunika kukhala ndi ndalama zambiri m'manja. Lendi ya miyezi itatu ndi K600,000. Dipoziti ndi K400,000. Dobadoba amene anawapezera nyumbayo, tinene kuti agwirizana naye K100,000. Galimoto yosamutsira katundu ndi anyamata onyamula, K80,000. Kusintha maloko, kuika mababu, kukonza mpopi wodontha ndi kuika sefa wotchinga udzudzu m'mawindo, K120,000. Zonse pamodzi K1,300,000, kuti alowe m'nyumba ya K200,000.

Nambala imeneyi iyenera kudziwika msanga, chifukwa ndiyo imanena ngati banjali lingalowe. Koma isasakanizidwe ndi mtengo wa zaka zitatu. K600,000 yolipiriratu ija ili kale m'kati mwa K8,334,000, ndi lendi ya miyezi itatu yoyamba imene yangoperekedwa msanga. Amene angaiwonjezerenso pamwamba waiwerenga kawiri, ndipo angathe kukana nyumba yabwino poganiza kuti ndi yodula. Ya dobadoba, ya galimoto ndi yokonzera nyumba, K300,000 yonse, imeneyo ndiyo yapita osabwerera, ndipo iyenera kuwonjezedwa.

Kulipiriratu kulinso ndi msampha wake. Miyezi iwiri yotsatira banja silipereka lendi, ndipo malipiro amaoneka ngati achuluka. Ngati alandilodi amafuna lendi pa miyezi itatu iliyonse, mwezi wachinayi K600,000 ina imafunika nthawi imodzi. M'chaka chachitatu ndalama ya miyezi itatuyo idzakhala K793,500. Banja limene silipatula lendi mwezi ndi mwezi, ngakhale m'miyezi imene palibe wodzaitanitsa, ndi limene limakagogoda kwa akatapila.

Ndipo ngati ndalama yolowera ndi yobwereka, chiwongoladzanja chake ndi mtengo wa nyumba nachonso. Tinene kuti dipoziti ya K400,000 yatengedwa ku banki m'khonde pa 20 peresenti pamwezi, ndipo patenga miyezi itatu musanabweze ngongoleyo. Chiwongoladzanja chokha ndi K80,000 pamwezi, pamodzi K240,000. Dipoziti imene idzabwezedwe ngati K400,000 yadya K640,000.

5. Dipoziti ndi yanu, koma musaiwerengere ngati ili m'thumba

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Dipoziti ndi chikole. Imaperekedwa kuti wochita lendi akawononga nyumba kapena akathawa ndi ngongole, eni nyumba apeze pogwira. Ngati palibe chawonongeka iyenera kubwerera yonse. Choncho pamasamu athu si ndalama yopita, komanso si ndalama yoti n'kuidalira. Njira yabwino ndi kuiwerengera katatu: ikabwera yonse, ikabwera yodulidwa, ndi ikapanda kubwera.

Chimene chimadula dipoziti kawirikawiri ndi penti. Mapangano ambiri amati wotuluka asiye nyumba mmene anaipezera, ndipo eni nyumba amamva mawu amenewa kuti nyumba ipentedwe yonse. Pambuyo pake pamabwera magalasi osweka, zitseko, matailosi ong'aluka, ndi bilu ya madzi yotsalira. Pali kusiyana pakati pa chinthu chimene chawonongedwa ndi chimene changotha chifukwa cha kukalamba. Galasi limene mwana waswa ndi mpira ndi la wochita lendi. Denga lodontha, mapaipi a dzimbiri ndi khoma long'aluka chifukwa cha maziko ndi za mwini nyumba. Kusiyanitsa zimenezi patapita zaka zitatu n'kovuta ngati panalibe umboni. N'chifukwa chake tsiku lolowa, katundu asanatsitsidwe, onse awiri ayende chipinda ndi chipinda, alembe chilichonse chimene chili chowonongeka kale, ajambule ndi foni, ndipo asaine pepalalo. Alembenso nambala imene ili pa mita ya madzi. Ngongole ya Lilongwe Water Board imene anasiya wotuluka isakhale cholowa cha wolowa.

Ngakhale dipoziti itabwera yonse, imabwera itafooka. Polowa, K400,000 inali lendi ya miyezi iwiri ya nyumbayi. Potuluka, nyumba yomweyo idzakhala pa K304,175, ndipo K400,000 idzangokwana mwezi umodzi ndi masiku ngati khumi. Kuti banjali lipereke dipoziti ya miyezi iwiri panyumba ina yofanana nayo lidzafunika K608,350, ndiye kuti lidzawonjezere K208,350 kuchokera kwina. Komanso dipoziti ya nyumba yatsopano imafunika munthu asanatuluke m'nyumba yakale, pamene yakaleyo imabwezedwa atatuluka, nthawi zina patapita milungu. Kwa kanthawi ndithu madipoziti awiri amakhala ali m'manja mwa anthu ena.

Werenganinso bwino ngati pangano likuti dipoziti "izikhala yofanana ndi lendi ya miyezi iwiri". Mawu amenewa akutanthauza kuti lendi ikakwera, dipoziti iziwonjezedwa. Kwa banja lathu ndi K60,000 chaka chachiwiri ndi K69,000 chaka chachitatu, dipoziti n'kufika pa K529,000, ndipo zowonjezerazi zimafunika mwezi womwewo umene lendi yakwera.

Mawu amodzi kwa eni nyumba, chifukwa mfundoyi ndi yawonso. Dipoziti si lendi, ndipo si ndalama yogulira malata a nyumba ina. Amene waidya tsiku limene wailandira amadzayamba kufunafuna zifukwa pakhoma tsiku lobweza, osati chifukwa nyumba yawonongeka koma chifukwa ndalamayo palibe. Kumana munthu dipoziti yake pa zifukwa zopeka ndi kumulanda, ngakhale kuchitike mwaulemu chotani. Wochita lendi naye asamalize ndi kunena kuti "miyezi iwiri yomalizayi mudule pa dipoziti" popanda kugwirizana, chifukwa akatero wachotsa chikole nyumba isanayenderedwe.

6. Ikani zonse pamodzi, mugawe ndi 36

Tsopano tipeze mtengo weniweni. Lendi ya zaka zitatu ndi K8,334,000. Zolowera zosabwerera ndi K300,000. Tsiku lotuluka padzafunikanso galimoto, ndipo popeza mitengo idzakhala itakwera tiike K120,000. Tinene kuti pa dipoziti adzadulapo K150,000 ya penti, n'kubweza K250,000. Zonse pamodzi ndi K8,904,000. Dipoziti ikabwera yonse mtengo utsika kufika pa K8,754,000, ikapanda kubwera konse ukwera kufika pa K9,154,000.

Tikagawa K8,904,000 ndi miyezi 36 tipeza pafupifupi K247,000. Imeneyi ndiyo lendi yeniyeni ya nyumba ija ya K200,000, tisanaikepo mayunitsi a magetsi, madzi, mlonda kapena wotaya zinyalala. Zimenezi munthu amalipira kulikonse kumene angakhale, choncho zimalowa m'masamu pokhapokha ngati zikusiyana pakati pa nyumba ziwiri. Zimasiyana kwambiri pamene mita ya ESCOM kapena ya madzi ndi imodzi pa mabanja angapo. Pamenepo funsani kuti amagawana motani, pakhomo kapena pamutu, chifukwa banja laling'ono limene limachoka m'mawa n'kubwera madzulo limatha kumalipirira anzawo ophikira magetsi tsiku lonse.

7. Nyumba yotsika mtengo lero si ndiye yotsika mtengo pa zaka zitatu

Phindu la nambala imodzi ya zaka zitatu limaoneka poyerekeza nyumba. Tinene kuti banja lathu linaonanso nyumba ina ya K220,000, ndipo linaikana chifukwa ndi yodula ndi K20,000. Koma mayi a nyumbayo ananena kuti sakweza lendi mpaka patatha zaka ziwiri, ndipo chaka chachitatu adzakweza ndi 10 peresenti yokha. Miyezi 24 pa K220,000 ndi K5,280,000. Miyezi 12 pa K242,000 ndi K2,904,000. Pamodzi K8,184,000. Nyumba yooneka yodula ija ndi yotsika ndi K150,000 poyerekeza ndi ya K200,000, ndipo chaka chachitatu, pamene mwana akufuna ndalama za mayeso, lendi yake ndi yochepa ndi K22,500 mwezi uliwonse.

Mtunda nawo uli ndi mtengo. Ngati nyumba ina ikuwonjezera K1,000 pa ulendo wa minibasi popita ndi K1,000 pobwera, kwa munthu mmodzi wogwira ntchito masiku 22 pamwezi imeneyo ndi K44,000 pamwezi, pa zaka zitatu K1,584,000, mtengo wa minibasi usanakwere n'komwe. Anthu ambiri amasamukira kutali ndi tauni pothawa lendi, ndalama imene apulumutsa n'kumaisiya kwa kondakitala.

8. Lendi iyezedwe ndi malipiro a chaka chachitatu

Funso loti "kodi tikwanitsa?" ambiri timaliyankha ndi malipiro a lero ndi lendi ya lero. Tinene kuti bambo ndi mayi pamodzi amabweretsa K600,000 pamwezi msonkho utachotsedwa. Lendi ya K200,000 ikutenga gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo akuona kuti angathe. Koma ngati malipiro awo amakwera ndi 5 peresenti pachaka, chaka chachiwiri adzalandira K630,000 ndipo chachitatu K661,500. Lendi ya K264,500 idzakhala ikutenga K40 pa K100 iliyonse imene alandira. Yotsala pambuyo pa lendi inali K400,000 chaka choyamba, K400,000 yomweyo chaka chachiwiri, ndipo K397,000 chaka chachitatu. Zaka zitatu malipiro akwera kawiri, koma ya chakudya, fizi ndi mankhwala siinasunthe, yatsika kumene, pamene ufa, mafuta ophikira ndi makala sizinadikire.

Apa mpofunika kuti bambo ndi mayi aone manambalawa onse awiri asanasaine. Nthawi zambiri mmodzi ndi amene amakambirana ndi alandilodi, koma kuchepa kwa ndalama ya ndiwo amakuona ndi winayo. Kusankha nyumba yaing'ono imene mudzaikwanitse mpaka mwezi wa 36 si kudzichepetsa. Chochititsa manyazi ndi kulowa m'nyumba ya mpanda pofuna kuti abale aone, kenako n'kumazima magetsi alandilodi akagogoda.

9. Eni nyumba nawo ali ndi masamu awo, ndipo kwacha ikhoza kusokoneza onse

Si kukwera kulikonse kwa lendi kumene kuli dyera. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Simenti, penti, malata ndi mapaipi zinakwera mtengo, ndipo mayi wamasiye amene amadalira lendi ya nyumba imodzi kulipirira ana sukulu anagwa m'mavuto omwewo amene wochita lendi anagwamo. M'zaka zimene mitengo ya zinthu ikukwera ndi 20 peresenti kapena kuposa, mwini nyumba amene wakweza ndi 15 peresenti akulandira ndalama yogula zochepa kusiyana ndi chaka chatha. Wochita lendi akadziwa zimenezi amakambirana mwaulemu, ndipo amaona kuti peresenti yolembedwa m'pangano imamuteteza iyenso, chifukwa popanda iyo lendi ikhoza kulumpha tsiku lililonse.

Amene alibe chitetezo chimenechi ndi amene lendi yake anaimangirira ku dola, monga zimachitikira m'nyumba zina zodula za m'mizinda. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Lendi yofanana ndi madola 500 inachoka pa K590,000 kufika pa K850,000 tsiku limodzi, pangano lisanasinthe liwu ngakhale limodzi. Munthu amene amalandira malipiro m'makwacha sangathe kuwerengera mtengo wa zaka zitatu wa lendi yotero, ndipo ndi bwino aikane.

10. Werengeraninso mtengo wotuluka nthawi isanakwane

Zaka zitatu ndi zimene banja likufuna, koma ntchito imatha, munthu amasamutsidwira ku Mzuzu kapena ku Blantyre, eni nyumba amagulitsa nyumba kapena kuifuna kuti mwana wawo alowemo. Ndalama zolowera ndi zotulukira zija, K570,000 tikaphatikiza dobadoba, magalimoto awiri, zokonza ndi penti, zikagawidwa pa miyezi 36 ndi pafupifupi K16,000 pamwezi. Banja likatuluka patangotha chaka chimodzi, ndalama yomweyo igawidwa pa miyezi 12, n'kukhala K47,500 pamwezi. Choncho kusamukasamuka pothawa kukwera kwa K30,000 nthawi zambiri kumadya zambiri kuposa kukhala.

Chinanso ndi notisi. Ngati pangano likuti notisi ndi ya miyezi itatu, ndipo bambo auzidwa kuntchito kuti asamuke m'mwezi umodzi, miyezi iwiri yotsalayo idzalipiridwa nyumba ili yopanda munthu, kapena idzadulidwa pa dipoziti. M'chaka chachitatu imeneyo ndi K529,000, kuposa dipoziti yonse ya K400,000. Pokambirana, pemphani kuti notisi ikhale yofanana mbali zonse ziwiri, kuti mukapeza munthu wina wolowa m'malo mwanu amene eni nyumba amuvomera miyezi yotsalayo ikhululukidwe, ndiponso kuti lendi imene munalipiriratu ya miyezi imene simudzakhalamo idzabwezedwe ngati eni nyumba ndi amene akutulutsani. Tsiku lobwezera dipoziti lilembedwenso, mwachitsanzo pasanathe masiku 30 kuchokera pamene makiyi aperekedwa. Ndipo pa ndalama iliyonse imene mwapereka, kuyambira dipoziti mpaka lendi ya mwezi womaliza, tengani lisiti lolembedwa kuti ndalamayo ndi ya chiyani ndi ya mwezi uti. Ngati mwatumiza pafoni kapena ku banki, sungani uthenga wake, ndipo muulembenso m'kope lomwe lija munawerengeramo zaka zitatu, pambali pa nambala ya mwezi umenewo.